Elesin Oba pa miyeso itatu: wa Aristotle, wa Bradley ndi wa Soyinka mwini

Ife amene timaphunzitsa kapena kuphunzira zisudzo timalidziwa funso lija lofunsa ngati mtengambali wamkulu wa sewero ndi ngwazi yogwa m'tsoka monga ankanenera akale, komanso kuti chofooka chimene chamugwetsa n'chiti. Ambiri amayankha ngati kuti muyeso wake ndi umodzi. Miyesoyo ilipo ingapo, ndipo ukaiika pa munthu mmodzi imapereka mayankho osiyana. Pano ndiyesa itatu pa Elesin Oba wa m'sewero la Wole Soyinka la Death and the King's Horseman, limene linasindikizidwa mu 1975.

Nkhani yake inachokera pa zimene zinachitikadi ku Oyo, kwa Ayoruba ku Nigeria, mu 1946 malinga ndi Soyinka mwini, ngakhale iye anaibweza m'mbuyo pang'ono kuti ichitike nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Mfumu yamwalira ndipo patha mwezi. Mwambo ukuti Elesin, woyang'anira kavalo wa mfumuyo, afe mwa kufuna kwake usiku umenewo kuti akaiperekeze kwa makolo. Akudutsa pamsika akuona namwali wokongola n'kumufuna. Namwaliyo ndi bwenzi la mwana wa Iyaloja, mayi wamkulu wa pamsikapo, koma Iyaloja akulola chifukwa wapaulendo wa kwa makolo samanidwa kanthu. Ukwati utatha Elesin akuyamba kuvina gule wa imfa yake, koma asanatsirizike akumangidwa molamulidwa ndi Simon Pilkings, bwana wa boma la atsamunda m'deralo. Mwana wake Olunde, amene amaphunzira zaudokotala ku Mangalande, wabwera kudzaika maliro a bambo ake n'kuwapeza amoyo, ali m'maunyolo. Olunde akufa m'malo mwawo, ndipo Elesin ataona mtembowo akudzipotokola ndi unyolo womwewo.

Ndiyamba ndi muyeso wa A. C. Bradley, ngakhale si wakale kwambiri, chifukwa ndi umene ambiri amagwiritsa ntchito poganiza kuti ndi wa Aristotle. Bradley anasindikiza maphunziro ake a masewero a Shakespeare mu 1904. Iye ankaona kuti ngwazi imakhala ndi khalidwe limodzi lopyola muyeso, limene limaikweza ndiponso kuigwetsa, monga mtima wofuna ufumu wa Macbeth. Pa Elesin muyesowu umalowa mosavuta. Munthuyu amakonda moyo: zakudya, nsalu zokongola, matamando, akazi. Kukonda moyo komweko n'kumene kumachititsa amayi a pamsika kumunyadira m'gawo loyamba, ndipo n'kumene kukumuchedwetsa pa tsiku losafunika kuchedwa. Umboni ulipo wochokera m'kamwa mwake. Ali m'ndende m'gawo lachisanu, akuuza mkazi wake watsopanoyo kuti kulephera kwake sikunachokere kwa mzungu yekha, koma kuti chilakolako cha za pansi pano chinamulemeretsa miyendo.

Ubwino wa muyesowu ndi wakuti umakukakamiza kuwerenga gawo loyamba mosamala, n'kumva chenjezo la Iyaloja lakuti mbewu imene Elesin akufuna kusiya isadzakhale temberero. Vuto lake limaoneka ukafunsa funso limodzi: Pilkings akanapanda kubwera, kodi Elesin akanafa? Sewerolo silikuyankha. Kumapeto kwa gawo lachitatu Elesin ali kale pakati pa moyo ndi imfa, mawu a womutamanda, woimba matamando amene amayenda naye, akuwamvera patali, miyendo ikulemera. Kumangidwa kwakeko sitikuona ndi maso, kukuchitikira kuseri. Wolemba anabisa dala mphindi yeniyeni imene ikanatiuza ngati chinamuletsa ndi unyolo kapena mtima wake. Amene walemba kuti Elesin anagwa chifukwa chokonda akazi basi watseka khomo limene Soyinka analisiya lotsegula, ndipo wasandutsa sewero lonse kukhala nthano yolangiza amuna.

Aristotle yemwe, m'buku lake la Poetics limene analemba zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, sanaike khalidwe patsogolo. Ananena kuti mtima wa sewero lotere ndi tsatanetsatane wa zochitika, ndipo khalidwe la atengambali limabwera pachiwiri. M'mutu 13 akufotokoza munthu woyenera: wotchuka ndi wodala, wosalungama kotheratu komanso wosaipa, amene akugwa osati chifukwa cha kuipa mtima koma chifukwa cha hamatiya, kuphonya kwakukulu. Chitsanzo chake ndi Oedipus, amene anapha munthu panjira osadziwa kuti ndi bambo ake. Pali zinanso ziwiri zimene ankazifuna: kutembenuka kwa zinthu, pamene chochita chibala zosemphana ndi cholinga chake, ndi kuzindikira, pamene munthu achoka mu umbuli n'kuona choonadi.

Pa mbali zambiri Elesin amakwana muyesowu kuposa mmene munthu angayembekezere. Ndi wolemekezeka, wapafupi ndi mfumu. Zonse zikuchitika mkati mwa usana ndi usiku umodzi. Tsoka likugwa pakati pa bambo ndi mwana, ndipo Aristotle ankati zowawa zochitika pakati pa abale n'zimene zimagwira mtima koposa. Kutembenuka kwa zinthu kulipo kuwiri, ndipo n'kwamphamvu. Elesin akukwatira kuti asiye mbewu, mapeto ake akutaya mwana wake wachisamba. Pilkings akufuna kupulumutsa moyo umodzi, mapeto ake pakutayika iwiri, umodzi mwa iyo uli wa mnyamata amene iye mwini anamuthandiza kupita ku sukulu ya udokotala. Amene akufuna kufotokoza mmene sewerolo linamangidwira, Aristotle amuthandiza kwambiri kuposa Bradley.

Pamene muyesowu ukutsimphina ndi pa umbuli. Oedipus sankadziwa. Elesin akudziwa zonse: tsiku, mwambo, ndi zimene zidzagwere anthu ake akalephera. Wakhala akudya zonona moyo wake wonse podziwa kuti malipiro ake ndi usiku umenewu. Iyaloja wamuchenjeza maso ndi maso, ndipo womutamanda uja wamukumbutsa za ngozi yozolowera manja a amayi pa tsiku lotere. Ndiye kuphonyako kuli pati? Ena amati ndi ukwati uja, kuti anaganiza molakwa kuti angathe kulawa moyo komaliza n'kuusiya mosavuta. Zimenezo n'zomveka ndithu, ndipo ndi yankho labwino koposa limene wotsata Aristotle angapereke. Komabe kulakwa kumene Elesin mwini akuona kuti n'koopsa kwambiri si kumeneko. Akuuza Iyaloja kuti chitsulo cha mlendo chitamukhudza dzanja, mumtima mwake munabwera ganizo lakuti mwina milungu ndiyo yatuma mzunguyo kudzamumasula. Ganizo limenelo ndilo linamupha mphamvu. Uku si kusadziwa, komanso si khalidwe la moyo wonse. Ndi kugwedezeka kwa mtima kwa kamphindi, pa nthawi imene unayenera kulimba kotheratu.

Kuzindikira nako sikukubwera mwadzidzidzi monga kwa Oedipus, amene uthenga wa munthu wochokera ku Korinto ndi umboni wa mbusa zikumutsegula maso tsiku limodzi. Elesin akuvomera pang'onopang'ono, mokokedwa. Ayamba waloza mzungu, kenako milungu, kenako mkazi wake, ndipo pomaliza pake ndi pamene akudziloza yekha. Mtembo wa Olunde sukumuuza chachilendo chokhudza kulakwa kwake. Ukungomuonetsa mtengo wake.

Muyeso wachitatu ndi wa wolemba mwini. M'buku lake la Myth, Literature and the African World la mu 1976, Soyinka akufotokoza kuti kwa Ayoruba kuli dziko la makolo, la amoyo ndi la osabadwa, ndipo pakati pake pali phompho lofunika kuwoloka. Ogun ndiye mulungu amene analimba mtima n'kuyamba kudula njira pa phompholo. Ngwazi ya m'sewero lotere ndi munthu amene akuwoloka m'malo mwa anthu onse, ndipo chida chake ndi kulimba kwa chifuniro chake. Tikayesa Elesin motere, mafunso amene anavuta aja akuyankhika. Tikumvetsa chifukwa chimene ganizo la kamphindi likulemera kuposa ukwati. Tikumvetsanso chifukwa chimene imfa yake sikukonza kanthu. Kwa wowerenga wozolowera Shakespeare, ngwazi ikafa mlandu watha ndipo dziko likhazikika. Kuno Iyaloja akunena poyera kuti Elesin wachedwa, ndipo adzafika kwa makolo atadetsedwa ndi ndowe za kavalo wa mfumu amene wapita kale. Wotaya kwambiri si Elesin koma Oyo yense, amene mfumu yake yasiyidwa ikuyendayenda yopanda woiperekeza, ndipo mwana watsogola bambo ake.

Muyesowu nawo uli ndi malire. M'mawu otsogolera sewerolo Soyinka anachenjeza kuti lisawerengedwe ngati mkangano wa zikhalidwe ziwiri, ndipo anati za atsamunda ndi chongoyambitsa chabe. Ine ndimamvetsa chimene ankaopa, koma sindingamutsate mpaka kumapeto. Magawo atatu mwa asanu akuchitikira kwa azungu. M'gawo lachiwiri Pilkings ndi mkazi wake Jane akuvina atavala zovala za egungun, mizimu ya makolo, zimene analanda, pokonzekera dansi. Wochokera kwathu kuno angoganiza mlendo atavala chigoba cha gule wamkulu kupita nacho ku phwando, ndipo amvetsa chifukwa chimene wapolisi Amusa, ngakhale ndi Msilamu, akukana kulankhula za imfa pamaso pa chovalacho. Ndende imene akutsekeramo Elesin ndi chipinda chimene kale ankasungiramo akapolo. Zinthu zimenezi n'zolemera kwambiri moti sizingakhale chongoyambitsa. Muyeso wa Soyinka umafotokoza bwino zimene zikuchitika mumtima mwa Elesin, koma umapeputsa dzanja limene linagwira unyolo.

Ndiye wosankha asankhe malinga ndi funso limene ali nalo. Likakhala la kamangidwe ka sewero, atenge Aristotle, anene mosabisa kuti kutembenuka kwa zinthu kukukwana koma umbuli ayi. Likakhala lofuna chofooka cha Elesin, Bradley ndi poyambira chabe, ndipo yankho lisathere pa namwali uja lisanafike pa zimene Elesin akuulula kwa Iyaloja m'ndende. Ineyo ndikafunsidwa ngati maganizo a akale akukwana pa seweroli, ndimati akukwana pa kugwa kwa munthuyo, koma sakufika pa chimene chatayika.

Patsala vuto la Olunde, limene miyeso iwiri yoyamba ija ilibe pomuika. Alibe kuphonya kooneka, alibe khalidwe lomugwetsa, ndipo akuoneka m'gawo limodzi lokha ali moyo. Jane atamuuza za woyendetsa sitima wachingerezi amene anadziphulitsa pamodzi ndi sitima yake padoko kuti apulumutse anthu ambiri, Olunde akuona kuti imfa yotero ndi yolemekeza moyo, pamene Jane ikumunyansa. Wabwera atavala suti, waona ovulala ku nkhondo m'zipatala za ku Mangalande, ndipo ndi iye amene akuchita zimene mwambo unkafuna kwa bambo ake. Pa muyeso wa Soyinka wowoloka phompho ndi iyeyu, ngakhale sewerolo silikunena kuti imfa yake yakwanira kukonza zimene zawonongeka.