Kudikira kapena kudula: kumasulira Chitchaina pamsonkhano wa malonda

Bwana wa ku Shanghai akalankhula mphindi 5 osapuma, womasulira angathe kudikira amalize, kapena kumupempha aime pakapita mphindi imodzi iliyonse.

Kudikira kumasunga ulemu, koma kumafuna manotsi olimba: mfundo zolembedwa motsika pansi papepala, mzere pakati pa ganizo ndi linzake, manambala kulembedwa pomwepo. Kumudula mawu kumapeputsa mutu, koma kumachititsa mkuluyo manyazi ngati simunagwirizane msonkhano usanayambe.

Pamitengo mpamene ndimaopa. Atchaina amawerenga ndi wani, kutanthauza 10,000. Akati 300 wani, ndiye 3,000,000. Ukalemba 300 yokha, pakutha pa mphindi 5 ziro atayika.

Wozolowera manotsi adikire pamawu olandira alendo. Pokambirana mitengo, ngakhale katswiri adule, abwereze nambalayo.