Ndalama ya ganyu: pafoni, ku banki m'khonde, pa chiperegani kapena m'thumba la chimanga?

Waganyu ali ndi njala ziwiri, ndipo zimafuna mankhwala osiyana. Yoyamba ndi ya sabata imodzi kapena ziwiri: magalimoto sanabwere kudzapakira pa Lizulu, mwini dimba ku Bembeke wati mbatatesi sizinakhwime, kapena mwagona ndi malungo. Yachiwiri ndi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ganyu wopalira ndi kubandira amapezeka ndithu, koma omufuna ndi mudzi wonse, malipiro amatsika, chimanga chili pamtengo wapamwamba. Tikamakangana kuti njira yabwino yosungira ndalama ndi iti, nthawi zambiri wina amakhala akunena za njala yoyamba, mnzake yachiwiri.

Tiyerekeze bambo wokumba ndi kusenza mbatatesi cha ku Tsangano, amene pakhomo pake pamafunika K25,000 pa sabata ya ufa, ndiwo, sopo ndi chigayo. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu ikanipo anu. Sabata yoyamba wapeza K42,000, yachiwiri K38,000, yachitatu K9,000, yachinayi K12,000. Mukaphatikiza mupeza K101,000, pamene mwezi wonse umafuna K100,000. Ndiye kuti bamboyu sanasowe ndalama mwezi umenewu. Masabata awiri oyamba anatsala ndi K30,000, awiri otsatirawo anaperewera K29,000. Nkhani yonse yagona pa komwe K30,000 ija inakagona, komanso ngati inavomera kubwerako tsiku lomwe inafunidwa.

Ambiri angamuuze kuti akaike ku banki m'khonde, ndipo ine ndimaulemekeza banki m'khonde. Ndalama yako ikalowa m'bokosi lija simatuluka chifukwa choti mlamu wabwera ndi nkhani yomvetsa chisoni, ndipo pogawana mumalandira ndi phindu lomwe. Koma taonani momwe imachitira ndi bambo wathuyu. Tinene kuti sheya ndi K2,000 ndipo gulu, monga achitira magulu ambiri, limalola masheya osaposa asanu pa msonkhano umodzi. M'masabata awiri abwino aja waponya K20,000. Sabata yachitatu akufuna K16,000. Sangapite kukatapa masheya ake, pakuti amenewo amadikira tsiku logawana. Chomwe angachite n'kubwereka, ndipo ngati gulu lawo limaika chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse pa mwezi, adzabweza K19,200. Walipira K3,200 kuti agwiritse ntchito ndalama yosaposa yomwe iye mwini anaika m'bokosimo. Inde, gawo la chiwongoladzanjacho lidzamubwerera pogawana, koma gawo lokha, pakuti lidzagawidwa kwa onse molingana ndi masheya awo, ndipo amene amatenga chachikulu ndi mayi wa golosale amene amaponya masheya asanu sabata iliyonse osabwereka kawirikawiri.

Palinso zina ziwiri zomwe anthu amazizindikira atalowa kale. Sabata youma gulu limayembekezerabe kuti mufike ndi sheya imodzi ndi ya thumba la padzidzidzi, ndipo kujomba kuli ndi chindapusa. Komanso magulu ambiri amagawana mu Disembala kuti anthu agule feteleza ndi mbewu. Zikatero Januwale amapeza bokosi lili pafupifupi lopanda kanthu, ofuna ngongole ali ambiri, ndipo mwezi womwe waganyu amafunitsitsa thandizo ndi womwe gulu silingathe kumubwereka zokwanira. Banki m'khonde ndi yabwino posonkhanitsira ndalama ya feteleza, malata kapena fizi. Pa njala ya sabata imodzi ndi yodula.

Za chiperegani sindichedwapo. Anthu 8 oponya K5,000 pa sabata amapatsa mmodzi K40,000, palibe chiwongoladzanja, palibe bokosi loti wina athawe nalo. Vuto ndi loti nthawi yanu yolandira imabwera potsata mndandanda, osati potsata njala yanu. Mutha kulandira sabata yomwe m'thumba muli kale ndalama, kenako n'kumafunidwa K5,000 sabata yomwe mwapeza K9,000 yokha. Chimayenera anthu ogulitsa pamsika amene tsiku lililonse amagwirako kenakake. Waganyu akalephera kuponya kawiri, chimene chimawonongeka ndi ubale, ndipo kawirikawiri anzake a pachiperegani ndi omwewo amene amamuitana kukapezeka ganyu.

Foni ndiyo imayankha bwino funso la sabata youma. Kuika ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kudzera kwa ejenti n'kwaulere, palibe amene amakuuzani kuti muike zingati kapena liti, ndipo sabata yomwe mulibe simulipira chindapusa. Bambo wathu akaika K17,000 kenako K13,000, sabata yachitatu amatapa K16,000, yachinayi zotsalazo, n'kungotaya ya kutapa yokha. Ndalama yotapirayo imayenda m'magulumagulu molingana ndi kuchuluka kwa zomwe mukutapa, ndiye kutapa K2,000 tsiku lililonse kumadya zambiri kuposa kutapa ya sabata yonse kamodzi. Musanatape, yang'anani mitengo yomwe ejenti wamata pakhoma, muone pomwe gulu lina lathera. Nthawi zina kuchepetsa ndi K500 kumakugwetserani m'gulu lotsika mtengo.

Koma ubwino wa foni ndi womwenso uli matenda ake. Ndalama yomwe imatuluka mosavuta pa njala imatulukanso mosavuta usiku muli gone: mayunitsi, bandulo, kubetcha mpira. Mukangoyimba `*211#` kapena `*444#`, zatheka, popanda mboni. Anthu ena amathana nazo pokhala ndi simu yachiwiri yosungira yokha, yomwe sikhala m'foni koma kunyumba, nthawi zina mayi a kunyumba ndiwo amasunga simuyo bambo n'kusunga nambala yachinsinsi. Ndi nzeru yabwino, bola simuyo ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika. Ikatayika simu yolembetsedwa m'dzina la msuweni wanu amene ali ku Joni, kuibwezeretsa ndi ntchito yaikulu. Muziyigwiritsako ntchito mwa apo ndi apo, pakuti nambala yongokhala miyezi yambiri osagwira ntchito imatha kutsekedwa. Kumbukiraninso kuti ejenti wa kumudzi amatha kukuuzani kuti alibe kashi, makamaka tsiku losakhala la msika, choncho musadikire kuti ufa uthere mpaka m'mawa womwewo. Za mauthenga onena kuti wina wakutumizirani ndalama molakwitsa mubweze, yankho ndi kuona balansi nokha, osati kukhulupirira uthengawo.

Pomwe foni imagonja ndi pa nthawi yaitali. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 iliyonse, mu Novembala 2023 ndi 44, ndipo amene anali atasunga ndalama m'miyezi imeneyo anaona nambala ili yomweyo pafoni koma zogula zitachepa. Ngakhale chaka chopanda zoterezi, K30,000 ya mu Juni kawirikawiri sigula chimanga chofanana mu Febuluwale. Kachitini ka pansi pa bedi kali ndi vuto lomweli, kuwonjezapo akuba, chiswe ndi dzanja la mwini wake.

N'chifukwa chake pa njala yachiwiri ija ine ndimaimira chimanga. Amene amapeza bwino pakati pa Meyi ndi Ogasiti ali ndi mwayi woti masabata ake abwino amakumana ndi nthawi yomwe chimanga chimakhala chotsika mtengo, ndipo kuno kumalire chimalowanso kuchokera ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Simufunika kudikira ndalama ya thumba lonse la makilogalamu 50. Sabata yabwino gulani ndowa imodzi, ina zigoba ziwiri, mpaka thumba lidzale. Amene mumadutsa malire kukagwira ganyu ku Mozambique, mwini munda akakufunsani ngati mukufuna ndalama kapena chimanga, ndipo kunyumba ndiwo zilipo, sankhani chimanga, pakuti sichifuna wosintha ndalama amene amadyapo pakati.

Chimanga chili ndi misampha yake, ndipo yambiri ndi ya kasungidwe. Ogulitsa msanga amagulitsa chosauma, ndipo kuzizira ndi nkhungu ya kuno ku Dedza sizithandiza. Lumani njere: youma imathetheka, yosauma imangophwanyika mofewa. Choterocho yanikani kaye musanathire m'thumba, apo ayi chidzachita nkhungu ndipo mudzataya ndalama ndi chakudya chomwe. Kenako pali anankafumbwe. Mungathire mankhwala a ufa monga Actellic potsata muyeso wolembedwa pa botolo, kapena mugule thumba la PICS lomwe lili ndi mapulasitiki awiri mkati, lomwe limapha tizilombo pozitsekera mpweya. Thumba limeneli limagwira ntchito pokhapokha likamangidwa bwino pulasitiki iliyonse payokha, lisabooke, ndipo musamalitsegule sabata iliyonse. Liikeni pa mitengo kapena njerwa, lisakhudze pansi kapena khoma. Mukaona ufa woyera pansi pa thumba wamba, kapena kumva kutentha mukapisa dzanja, adani alowa kale, chitulutseni muyanike.

Musachiyese chimangacho ngati ndalama yoti mukaitapa mawa. Mwana akadwala mu Julayi n'kuthamangira nacho kwa venda, adzakugulani motsika kuposa momwe munagulira. Komanso si chaka chilichonse chomwe mtengo umakwera kwambiri. Chaka cha zokolola zambiri umatha kungokhala pomwepo. Ngakhale zitatero, wogula kuti adye saluza zambiri, pakuti nsima ya mu Febuluwale adzaidyabe. Amene amalira ndi wogula kuti adzagulitse.

Nkhuku anthu amazitchula kwambiri, ndipo n'zoona kuti tambala amagulika msanga tsiku la msika. Koma chitopa chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa, makamaka nyengo yotentha, ndiye ngati kwanu kulibe wopereka katemera wa m'diso uja miyezi ingapo iliyonse, musaikemo ndalama yomwe mukuidalira. Mbuzi ndi yolimbirapo, kungoti simungagulitseko mwendo umodzi kuti mupeze K16,000.

Ndikanakhala ine bambo wa ku Tsangano uja, ndikanayamba ndi foni mpaka pafike ndalama yodyera masabata awiri, kwa iye K50,000, osaganiza kaye za china. Ndalamayo ndikanaiika tsiku lomwelo lolandira malipiro, ndisanadutse pamsika, ndipo ndikanachotsa kaye K25,000 ya pakhomo n'kuika yotsalayo, osati kudikira zotsala Loweruka madzulo. Ikakwana K50,000, zowonjezera za miyezi yokolola zipite ku chimanga. Ku banki m'khonde ndikanalowa gulu la sheya yaing'ono, yoti ndingaikwanitse ngakhale sabata ya K9,000, n'kumawonjezera masheya sabata yabwino yokha. Ndisanalembetse ndikanafunsa zinthu zitatu: amagawana mwezi uti, ngongole amapereka msonkhano uliwonse kapena kamodzi pamwezi, ndipo wolephera kuponya sabata imodzi amamutani.