Firiji yagalasi ija, miyezi 8 yatha tsopano

"Achimwene, nanga firiji yanu yagalasi ija yabweza ndalama zake?"

Mwandifunsa kambirimbiri, lero ndiyankhe zoona. Ndinaigula mu Meyi anthu atayamba kugwira za fodya kuno ku Santhe, K1,400,000, pomwe mayi a kunyumba ankati tigule dipufiriza yakaunjika ya K450,000 ngati ya aneba athu. Ine ayi, yagalasi ndiye shopu imaoneka shopu.

Kuzizira imaziziritsa, sindinganame. Koma magetsi akangozima masana zakumwa zafunda kale, poti chitseko chake ndi chakutsogolo, mukatsegula mpweya wozizira umatsikira pansi n'kutuluka. Ya aneba amatsegulira pamwamba, chisanu chimakhala momwemo, mafirizesi awo amafika madzulo ali gwa.

Masamu ake ndi awa. Botolo lozizira ndimaonjezera K100. Mu Okutobala kukutentha ndimagulitsa mwina 40 patsiku, ndiye K120,000 pamwezi, kuchotsa mayunitsi a K35,000. Koma mu Juni ndi Julaye amamwa zozizira ndani? Mabotolo 10 patsiku, K30,000 pamwezi, osakwana ndi mayunitsi omwe.

Chondichititsa manyazi si masamuwo ayi, koma mmene pakamwa panga pankasinthira. Pogula ndinkati ibweza pamiyezi 6. Itafika Julaye ndinayamba zoti aaa nkhani si phindu, imakopa makasitomala. Kenako ndikumati zakaunjika sizikhalitsa, chikhalirecho ya aneba sinafepo ndi tsiku limodzi lomwe. Tsamba la firiji m'kope langa la maakaunti ndinasiya kulembamo mu Ogasiti, ati kutanganidwa. Kasitomala mmodzi akangoti "koma firijiyi ndi yokongola" ndinkakawauza mayi madzulo, koma anthu asanu obweza botolo kuti lafunda, amenewo ziii.

Mphwanga amene ali ku koleji ndi amene anandigwira pa Khirisimasi. Akuti malume, zimenezi anazilemba kale Leon Festinger mu 1957, amati kognitivu disonansi. Mumtima muli zinthu ziwiri zosagwirizana, china chikuti ndine wochenjera pa bizinesi, china chikuti ndaponya ndalama m'madzi, ndiye poti firiji simungabweze, mumasintha nkhani kuti mtima ukhale pansi. Akutinso mu 1956 Jack Brehm anauza azimayi kuti apereke mamalikisi pa ziwiya zam'nyumba kenako asankhe chimodzi, atawafunsanso chomwe anasankha anachikweza, chomwe anasiya anachitsitsa, ziwiya zake zomwezo.

Ndinamukalipira kuti sukulu yakuwononga iwe. Usiku ndinatenga kope lija n'kuwerengetsa ndekha ndi tochi, miyezi 8 yabweza K310,000 basi.

Dzulo wina wa ku Chinkhoma anabwera kuti ndimugulitse pa K900,000. Mayi anandiyang'ana. Ine ndinamva pakamwa panga pakuti "sitigulitsa bwana, iyi ndi orijino, imakopa makasitomala."