Likodzo pa pepala limodzi: mapu a nthambi kapena a unyolo?

Amene mukuphunzira ntchito m'zipatala za ku Nkhotakota, likodzo mumaliona kawirikawiri, koma mutu wake m'buku la patholoje ndi wautali. Pali njira ziwiri zoupanikizira pa pepala limodzi.

Yoyamba ndi ya nthambi. Mumalemba "likodzo" pakati, n'kutulutsa nthambi zinayi: choyambitsa, zizindikiro, kayezedwe, mankhwala. Mphindi 20 mwatha. Vuto lake, mwangokopera mitu ya m'buku. Kukodza magazi ndi kutupa kwa impso zimakhala pa nthambi imodzi ngati zachitika tsiku limodzi, chonsecho pakati pake papita zaka.

Ya unyolo imadya ola lathunthu, ndipo ndi imene ndingakulimbikitseni. Pepala ligone chopingasa. Yambani ndi dzira, osati nyongolotsi, chifukwa chimene chimawononga thupi ndi mazira otsakamira m'khoma la chikhodzodzo. Kuchoka apo, muvi uliwonse ukhale ndi mneni wake: dzira "limaitana" maselo oteteza thupi, maselowo "amapanga" giranyuloma, giranyuloma "imasiya" chipsera. Pa chipsera mpamene unyolo uchite mphanda: chikafinya njira yotsitsa mkodzo kuchokera ku impso, mkodzo umabwerera, impso n'kutupa. Khansa ya chikhodzodzo ipatseni muvi wake, wochokera pa kutukusira kwa zaka zambiri. Kumbuyo kwa dzira onjezani bokosi la nyongolotsi yoikira mazirawo, ndipo prazikwantelo mumulembe ndi cholembera chofiira pa nyongolotsiyo, poti ndiyo amapha. Chipsera chokhwima sachichotsa.

Mabokosi asapitirire 15, apo ayi mwalembanso buku. Poyesa, phimbani bokosi limodzi ndi chala. Mukalephera kulitchula poona mivi yokha, muvi wina ulibe mneni woyenera.