Manambala okana kuwonkhetseka: TRIM, CLEAN, SUBSTITUTE kapena REGEXREPLACE?

Mwakopa ndalama zisanu kuchokera patsamba la banki kapena mu imelo, mwamata mu Excel kuyambira A2 mpaka A6: 45,000, 12,500, 30,000, 7,250 ndi 18,000. Pamodzi zimayenera kukwana 112,750, koma `SUM` ikukupatsani 37,750, yosadandaula n'komwe. Chachitika n'chakuti 45,000 ndi 30,000 zabwera ndi kachilembo kosaoneka kumapeto, ndiye Excel akuzitenga ngati mawu, ndipo `SUM` imadumpha mawu mwakachetechete. Mukalemba `=COUNT(A2:A6)` mupeza 3, pomwe `=COUNTA(A2:A6)` ikupatsani 5. Ziwirizi zikasiyana, dziwani kuti muli zinyalala.

Musanasankhe njira yoyeretsera, yambani mwadziwa chimene chabisalamo, chifukwa njira iliyonse ili ndi zilembo zimene imazigwira ndi zina zimene siziona. `=LEN(A2)` imawerenga zilembo. Mu 45,000 muli zilembo 6, kuphatikiza chizindikiro cha koma cholekanitsa masauzande, choncho ikanena 7 pali chimodzi chapadera. Kuti muchidziwe:

```
=UNICODE(RIGHT(A2,1))
=UNICODE(MID(A2,3,1))
```

Yoyamba imayang'ana chilembo chomaliza, yachiwiri chilembo chachitatu, ndipo 3 uja mungamusinthe kuti muyang'ane pena. Ikatuluka 32, ndi sipesi wamba ya pakiyibodi. Ikatuluka 160, ndi sipesi imene masamba a pa intaneti amaika kuti mawu awiri asalekanitsidwe kumapeto a mzere, ndipo ndi imene imavutitsa anthu ambiri. 10 ndi 13 ndi zodulira mzere, 9 ndi tabu, 8239 ndi sipesi yopyapyala, pomwe 8203 ndi 65279 zilibe m'lifupi n'komwe, ngakhale mutatong'ola maso simungazione.

`TRIM` ndiyo aliyense amathamangira, ndipo ine ndimaona kuti pa nkhani ya manambala imatamandidwa mopitirira. Imachotsa chilembo 32 chokha. Imachotsa masipesi akutsogolo ndi akumapeto, koma pakati imasiyapo imodzi, kotero kuti 12 500 amakhala momwemo. Pa 45,000 wathu uja, amene ali ndi 160, `TRIM` sikhudza kanthu: `LEN` ikhalabe 7 ndipo `VALUE`, imene imasandutsa mawu kukhala nambala, ibweza `#VALUE!`. Chinanso, masipesi wamba akumapeto `VALUE` imawalumpha yokha. Ndiye pamene `TRIM` ikanathandiza siikufunika kwenikweni, pamene ikufunika siingathe. Isungireni mayina a anthu ndi a malo.

`CLEAN` imachotsa zilembo zosasindikizika za 0 mpaka 31, monga tabu ndi zodulira mzere zimene zimabwera ndi malipoti otuluka m'mapulogalamu akale owerengera ndalama. Pamenepo ndi yabwino, koma 160 ndi 8203 siziona.

`SUBSTITUTE` ndi imene ndimaidalira. Simaganiza yokha, mumaiuza chilembo choti ichotse, ndipo imachichotsa paliponse, kutsogolo, pakati ndi kumapeto. Mu B2 lembani izi, kenako kokerani pansi:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(CLEAN(A2),UNICHAR(160),"")," ",""))
```

Mkatikati `CLEAN` ikuchotsa zodulira mzere, `SUBSTITUTE` yoyamba ikuchotsa 160, yachiwiri ikuchotsa sipesi wamba, kenako `VALUE` ikusandutsa zotsalazo nambala. B2 itulutsa 45000, ndipo `=SUM(B2:B6)` ifika pa 112,750. Ambiri amalemba `CHAR(160)`, ndipo pa Windows imagwira, koma pa Mac `CHAR(160)` imatulutsa chilembo china, ndiye fayilo ikapita kwa mnzanu wa Mac fomula imaleka kuyeretsa. `UNICHAR` ilibe vuto limeneli ndipo ilipo kuyambira Excel 2013. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti chilembo chilichonse chatsopano chimafuna `SUBSTITUTE` yakeyake. Mukapezanso 8203, muikulunganso ndi ina ya `UNICHAR(8203)`, fomula n'kumatalika. Ubwino wake n'ngwakuti ikakumana ndi chimene simunaiuze, imakuwa `#VALUE!` m'malo mokupatsani nambala yabodza. Pa ndalama, kukuwa kumeneku n'kofunika.

Amene safuna mafomula ali ndi `Ctrl+H`. Sankhani manambala, mu `Find what` gwirani `Alt` n'kulemba `0160` pa mabatani a manambala akumanja kwa kiyibodi, `Replace with` musiye mopanda kanthu, kenako `Replace All`. Pa laputopu yopanda mabatani amenewa, lowani m'kabokosi kamodzi kodwala ndi `F2`, kopani kachilemboko, mukamate mu `Find what`. Njirayi ndi yachangu kuposa zonse ndipo safunika kolamu yothandizira, chifukwa Excel amawerenganso kabokosi kalikonse kamene wasintha n'kukasandutsa nambala pompo. Koma timabokosi tikakhala kuti tinaikidwa pa `Text`, tikhalabe mawu, ndiye yambani mwatibweza pa `General`. Njirayi imasinthanso zimene munamata zenizenizo, osasiya poyerekezera, ndipo mwezi wamawa mudzabwereza ntchito yonse ndi manja. `Text to Columns` ndiye sindiiwerengera pa mpikisano uno. Imadzutsa manambala oyera kale amene angosungidwa ngati mawu, koma mukangodina `Finish` sichotsa 160.

Njira zonsezi zimatchula chochotsa. `REGEXREPLACE` imatembenuza nkhani: mumatchula zosunga, zina zonse zipite. Mu Google Sheets ilipo kalekale, ndipo mu Excel ya Microsoft 365 inabwera mu 2024:

```
=VALUE(REGEXREPLACE(A2&"","[^0-9.-]",""))
```

Izi zikutanthauza kuti chilichonse chimene si nambala, kadontho kapena kamzere ka kuchotsera chichoke. 160, 8203, 8239, chizindikiro cha koma, ngakhale `MK` wa kutsogolo, zonse zimapita nthawi imodzi popanda kufufuza. Imakoma, komanso ndi yoopsa kuposa zina zonse, chifukwa ikalakwa sinena. Tengani invoyisi yochokera ku South Africa, kumene kalembedwe kovomerezeka kamalekanitsa masauzande ndi sipesi, masenti ndi koma: R 12 500,50. Fomula ija ichotsa chizindikiro cha koma n'kukupatsani 1250050, kuchulukitsa ndalama ka 100. Akauntanti akalemba ngongole m'mabulaketi, (4,500), mabulaketi achoka ndipo ngongole isanduka phindu la 4500. Chimodzimodzi kamzere ka kuchotsera kotalikirapo, chilembo 8722, kamene masamba ena amagwiritsa ntchito: sikafanana ndi ka pakiyibodi, ndiye kamasesedwa limodzi ndi zinyalala.

Pa manambala a koma wa masentiwa, yoyenera ndi `NUMBERVALUE`, imene mumaiuza nokha kuti cholekanitsa masenti n'chiti, cholekanitsa masauzande n'chiti. Imalumphanso masipesi wamba ngakhale apakati:

```
=NUMBERVALUE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(A2,"R",""),UNICHAR(160),""),",",".")
```

Apa R 12 500,50 atuluka 12500.5, monga ziyenera kukhalira, posatengera mmene kompyuta yanu inakonzedwera.

Kusankha kwanga kumatengera kumene manambala achokera. Zomata za kamodzi kokha zimene `UNICODE` yaonetsa kuti ndi 160, `Ctrl+H` imakwana. Lipoti lobwera mwezi ndi mwezi, kapena ndalama zimene wina adzafufuze, ndimaika `SUBSTITUTE` m'kolamu yapambali kuti zoyambirira zizionekabe. `REGEXREPLACE` ndimailola pokhapokha nditayang'ana kolamu yonse n'kutsimikiza kuti mulibe mabulaketi, koma wa masenti kapena manambala ochotsera. Ndipo manambala a foni, a akaunti ya kubanki ndi a ziphaso musawapititse mu `VALUE` ngakhale pang'ono. Chotsani zilembo zobisikazo ndi `SUBSTITUTE`, muwasiye ngati mawu, apo ayi 0 woyambirira wa nambala ya foni asowa, ndipo nambala ikapitirira madijiti 15, Excel amasandutsa otsalawo kukhala maziro.