Monita ija patatha miyezi isanu ndi itatu: suti yakuda, deresi loyera ndi nkhope zotuwa

"Achimwene, monita munagula ija inathetsa vuto? Ine ndikarenda vidiyo, mitundu imasiyana ndi imene ndimaona pa pulogalamu. Ndigule nanenso?"

Musathamangire kugula, mphwanga. Monitayo ndi yabwino ndipo sindingaigulitse, koma pa mavuto awiri amene ankandisowetsa tulo, palibe limene inathetsa payokha. Chimene inachita n'kunditsekera pothawira, chifukwa sikirini itakhala yolondola ndinasowa choloza chala, ndiye ndinayamba kufufuza m'fayilo mwenimwenimo.

Ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito mu Febuluwale, ya mainchi 27, yokhala ndi makonzedwe a Rec.709, lamulo la mitundu ya kanema wa HD, mkati mwake. Ntchito yanga mukuidziwa: maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo ya anthu akwathu kuno ku Joni, kuyambira ku Rosettenville mpaka ku Diepsloot. Ndimaedita ndi DaVinci Resolve pa kompyuta ya Windows m'chipinda chimene ndimachita lendi ku Yeoville. Pa miyezi yonseyi kuwala kwa monitayi sikunasinthe moti maso n'kuona. Chilema chake n'chimodzi: magetsi akathima mwadzidzidzi, ikayakanso imabwerera ku makonzedwe a kufakitale, amene amakoleza mitundu. Tsiku lina ndinatha madzulo onse ndikuchepetsa kufiira kwa zitenje za amayi a kuchikazi, osadziwa kuti chofiira ndi monita, osati zitenje. Nditarenda, zitenjezo zinatuluka ngati zachapidwa chaka chonse. Pano ndikangoyatsa ndimayamba ndaona kaye ngati ili pa Rec.709.

Chimene chinandiphunzitsa zambiri ndi ukwati wina wa mu Meyi. Mkwati anavala suti yakuda ya mizeremizere yosaonekera patali, mkwatibwi deresi loyera la maluwa osokerera pachifuwa. Pa monita yanga zonse zinkaoneka, mizere ya suti ndi duwa lililonse. Ndinaika fayilo pa fulashi n'kukapereka. Madzulo ake ankhoswe a kuchimuna anaimba foni.

"Bambo, ntchito mwagwira bwino ndithu, koma pa tivi yathuyi suti ya mwana wathu yangoti bii ngati makala. Deresi lija langoti mbee, maluwa aja sakuoneka. Kapena tivi yathu ndiyo yakalamba?"

Tivi inalibe mlandu. Vidiyo imasunga kuwala kwa kadontho kalikonse ngati nambala, ndipo mu fayilo wamba ya mabiti 8 manambalawo amachoka pa 0 kufika 255. Kompyuta imawagwiritsa ntchito onse: 0 ndi kuda kwenikweni, 255 kuyera kwenikweni. Koma mwambo wa kanema, umene Rec.709 imatsatira, umaika kuda pa 16 ndi kuyera pa 235. Ndiye pali miyezo iwiri, wodzaza ndi wochepetsedwa, ndipo wowerenga fayilo ayenera kudziwa kuti wolemba anagwiritsa ntchito uti. Ineyo, pa tsamba la Deliver, pamene palembedwa Data Levels, ndinachotsa pa Auto n'kuika pa Full. Nzeru zanga zinali zoti chodzaza chiposa chochepa. Tivi ya ankhoswe ija inawerenga fayiloyo ngati ya muyezo wochepetsedwa, monga matiivi ambiri amachitira ndi mafayilo a pa fulashi. Mizere ya suti inali cha pakati pa 5 ndi 14, ndipo kwa tiviyo chilichonse chosafika 16 ndi mdima umodzi. Maluwa a deresi anali cha m'ma 240, pamwamba pa 235, ndiye anasungunukira m'nsalu.

Chinandisokoneza n'chakuti nditabweza fayilo ija mu pulogalamu, inaoneka bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti fayilo imanyamula kalebulo konena muyezo wake. Pulogalamu yanga inawerenga kalebuloko n'kumvera, tivi sinakalabadire. Kalebuloko mungakaone ndi ffprobe, imene imabwera pamodzi ndi ffmpeg ndipo ndi yaulere:

```
ffprobe -v error -select_streams v:0 -show_entries stream=color_range,color_space,color_transfer,color_primaries -of default=nw=1 ukwati.mp4
```

Yanga inayankha `color_range=pc`, kutanthauza wodzaza. Imene ndimafuna pa fayilo yopita kwa kasitomala ndi `color_range=tv`, ndipo mizere itatu inayo yonse inene `bt709`. Ndinarendanso nditaika pa Video, n'kukwera takisi kukapereka fulashi ina, suti inabwerera ndi mizere yake. Kuyambira tsikulo Full ndimangoisiyira zinthu zimene zikupita ku pulogalamu ina imene ndikudziwa kuti ikuyembekezera zimenezo.

Vutoli limabweranso chotembenuza. Fayilo ya muyezo wochepetsedwa ikawerengedwa ngati yodzaza, kuda kwa 16 kumaoneka kotuwa, kuyera kwa 235 kumazimiririka, chithunzi chonse chimakhala ngati chakutidwa ndi nkhungu. Izi zikhoza kuchitika ngakhale pa chingwe cha HDMI, pamene kadi ya zithunzi yaganiza kuti monita ndi tivi n'kumatumiza muyezo wochepetsedwa. Amene muli ndi kadi ya NVIDIA, onani pa Output dynamic range kuti pakugwirizana ndi zimene monita ikuyembekezera. Mukaona kuti ngakhale mbali zakuda za Windows yeniyeniyo zatuwa, musakhudze vidiyo, konzani pamenepo.

Vuto lachiwiri ndi limene silitheratu, ndipo ndilo linandipangitsa kugula monita poyamba. Mnzanga wojambula zithunzi amene timagwira naye maukwati ali ndi MacBook. Ndikamutumizira vidiyo, amatsegula ndi QuickTime n'kunena kuti anthu atuwa ngati sanadzole mafuta m'mwezi wa Julayi. Kwa miyezi ingapo ndinkaganiza kuti ndi nkhani ija ya 16 ndi 235. Ayi. Imeneyi ndi gama.

Gama ndi lamulo limene sikirini imatsatira posandutsa nambala kukhala kuwala, ndipo lamulolo si la mzere wowongoka. Nambala ya pakatikati siipereka theka la kuwala. Tinene kuti kuyera kwenikweni ndi 100. Pa gama ya 2.4, imene muyezo wa BT.1886 wa m'chaka cha 2011 unakhazikitsa pa matiivi, nambala ya pakati imapereka kuwala kwa 19. Pa 2.2, pafupi ndi pamene masikirini wamba a kompyuta ali, imapereka 22. Makina a mitundu a pa Mac akaona fayilo ya lebulo ya Rec.709 amaiwerenga ndi gama ya pafupifupi 1.96, ndipo nambala yomweyo imapereka 26. Kusiyanako kumakula mukatsikira kumdima. Nambala imene ili pa gawo limodzi mwa magawo asanu imapereka 2 pa gama ya 2.4, koma 4 pa 1.96, kuwirikiza kawiri. Tsono ganizirani kumene khungu lathu limakhala, makamaka m'holo ya mababu ochepa. Lili kumunsi komweko, kumene gama imaluma kwambiri. N'chifukwa chake ife ojambula anthu akwathu timaliona msanga vutoli kuposa amene amajambula magombe a nyanja masana.

Kusiyanitsa mavuto awiriwa n'kosavuta mukadziwa poyang'ana. Likakhala la muyezo, kuda kwenikweni n'kumene kumasuntha: kapena kwatuwa, kapena kwameza zonse zoyandikana nako. Likakhala la gama, kuda kumakhalabe kuda, kuyera kumakhalabe kuyera, zapakati zokha n'zimene zakwera kapena kutsika. Ine kumapeto kwa fayilo yoyesera ndimaika masekondi awiri akuda bii, kenako chithunzi chochoka pa kuda kupita pa kuyera pang'onopang'ono. Masekondi akudawo akaoneka owala kuposa m'mphepete mwa sikirini mopanda chithunzi, ndi muyezo. Akafanana koma nkhope zatuwabe, ndi gama. Ndiyeno ndimabweza fayilo mu pulogalamu, kuiika pamwamba pa ntchito yoyamba ija, n'kumayatsa ndi kuzimitsa ndikuyang'ana Waveform, chida choonetsa kuwala kwa chithunzi ngati mizere. Mizere yake ikapanda kugwedezeka ndipo ffprobe yanena `tv` ndi `bt709`, fayiloyo ilibe mlandu. Chosiyana ndi chowerengera.

Apa mpamene ndinalakwitsanso kamodzi. Pofuna kusangalatsa mnzanga wa MacBook uja, ndinadetsa vidiyo ina ya chinkhoswe mpaka itakoma pa QuickTime. Eni ake atakaionera pa tivi, anthu okhala kumbuyo kwa tenti anangotsala mano ndi maso. Simungakonze fayilo imodzi kuti ifanane pa gama zitatu nthawi imodzi. Pa Resolve pali Gamma Tag, ndipo anthu amalimbikitsana kusankha Rec.709-A. Dziwani kuti lebulo sisintha manambala a m'chithunzi, imangouza wowerenga mmene awawerengere. Rec.709-A imalemba lebulo ya 1-1-1, kutanthauza `bt709` pa mizere itatu ija ya ffprobe, ndipo imathandiza kwambiri amene amaeditira pa Mac atayatsa Use Mac display color profiles for viewers, chifukwa pamenepo zimene akuona poedita zimayandikira zimene QuickTime idzaonetse. Ngati ffprobe yanena `color_transfer=unknown`, ndiye kuti fayilo yasiya nkhani ya gama osaitchula, ndipo pulogalamu iliyonse ingolota yake. Zimenezo ndimapewa.

Chimene ndinasankha chinachokera pa kufunsa makasitomala kumene amaonera. Ochepa okha ndi amene amakhala pabalaza usiku atathimitsa magetsi. Ambiri amatumiza pa WhatsApp kwa makolo ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Mulanje, kumene vidiyo imaoneredwa pa foni pakhonde dzuwa likuswa mtengo. Gama ya 2.4 inapangidwira chipinda cha mdima pang'ono. Ndiye pa ntchito za mafoni monita ndimaiika pa 2.2, imene ili pakati: pa tivi vidiyo imadera pang'ono, pa Mac imawalira pang'ono, koma palibe kumene ikugwa. Ntchito imene ndikudziwa kuti ikaonetsedwa pa tivi kapena pa pulojekita ya mpingo ndimaikonzera pa 2.4. Apa mpamene monitayi inabweza ndalama zanga, chifukwa ndikaiuza 2.2 imachitadi 2.2, pamene sikirini yanga yakale sindinkadziwa n'komwe kuti ili pati.

Chipinda nachonso chili ndi mbali yake. Zenera langa linayang'ana kumpoto, ndipo m'nyengo yozizira ya kuno dzuwa limadutsa motsika n'kulowa mpaka pa tebulo. Mu Juni ndinazindikira kuti ntchito zimene ndakonza masana zikutuluka zowala kuposa za usiku, chifukwa kuwala kukagunda sikirini mbali zamdima zimabisika, dzanja n'kumakweza lokha. Ndinapachika bulangete lotuwa pa zeneralo, ndipo kuwala kwa monita ndinakusiya cha pa maniti 100 pa sikelo yoyezera kuwala kwa sikirini, pamene ntchito za Rec.709 zimakonzedwera.

Ndiye mphwanga, musanatulutse marandi anu, tengani fayilo imene yakukhumudwitsaniyo, muiyese ndi ffprobe, muikenso masekondi awiri akuda aja n'kuonera pa foni, pa tivi ndi pa VLC. Mukapeza `pc`, mwapulumutsa ndalama za monita, bwezerani Data Levels pa Video n'kurendanso. Mukapeza `tv` ndi `bt709` koma simukudziwa kuti sikirini yanu ili pa gama yanji, bwerani ndi fulashi ku Yeoville Loweruka madzulo tidzaione pa yangayi musanagule yanu.