Ndemanga: mtsikana amene anandilembera mauthenga a selo ya zakusukulu

Ine ndili ndi kashopu ka makope ndi zolembera kuno ku Mufakose ku Harare, ndipo Januwale ndiye mwezi umene ndimadyera, ukandiphonya basi ndidikire teremu yachiwiri mu Meyi koma nayo siifika pamenepo. Chaka chatha uthenga wa selo ndinalemba ndekha, zilembo zikuluzikulu, THAMANGANI ZIKUTHA MUSAPHONYE, kuikanso timoto tija kumapeto, ndikutumiza kawiri patsiku. Amayi ena a kutchalitchi anandiuza pamaso kuti achimwene mukutikuwira ngati ana oitanira kombi ku Copacabana, ena anangondiblokeratu. Ndiye ulendo uno ndinati bola ndilipire munthu wodziwa. Ndi mwana wa kwathu komwe, agogo ake anachokera ku Dedza, amalemba Chichewa ndi Chishona. Ndinamupatsa madola 15 pa mauthenga atatu a WhatsApp ndi mawu a pabolodi panja.

Chimene chinandidabwitsa, tsiku loyamba sanalembe kanthu. Anabwera kudzakhala pa benchi nkumangondifunsa mafunso mpaka ndinayamba kuganiza kuti ndalama yanga yapita. Mapaketi mwamanga angati? Mukaoda ena afika liti? Makope mumakutira angati patsiku? Ine ndinati mwana iwe ungolemba kuti atsala ochepa, anthu athamanga. Anakana, akuti amalume kasitomala akabwera nkupeza makatoni ali mulu kuseri kwa kauntala mudzamuuza chani, chaka chamawa sadzakukhulupiriraninso. Akuti makolo ali kale ndi changu, fizi ikuwadikira, yunifomu, nsapato, tsiku lotsegulira akulidziwa, inu simukufunika kuwaopseza, mungowauza tsiku ndi nambala yeniyeni.

Ndiye tinawerengera. Paketi ya mwana wa Fomu 1 ndinaikamo makaunta buku 10, mabolopeni 4 a Eversharp, pensulo, rula ndi seti ya masamu, kugula chimodzichimodzi zimakwana madola 14 koma paketi ndinaika 12. Ndinamanga mapaketi 60 chifukwa ndalama ya oda inathera pompo, ndipo kutauni kumaholoselo sabata yomaliza mzere wake umachita kutuluka panja, sindikanabwererako. Kukutira makope timachita awiri ine ndi mayi akunyumba madzulo titatseka, kope limodzi kuika khaki, pulasitiki ndi kulemba dzina ndi mphindi zitatu, paketi imodzi theka la ola, maola atatu anthu awiri ndi mapaketi 12 basi. Atamva 12 ameneyu anaseka nkuti changu chanu ndi chimenechi, simunachite kupeka.

Uthenga woyamba tinatumiza kutatsala masiku khumi, unali chonchi: "Makolo, sukulu zikutsegulidwa Lachiwiri, kwatsala masiku khumi. Paketi ya Fomu 1 ndi madola 12 m'malo mwa 14, tamanga 60 ndipo sitionjezera. Tikukutirani makope ulere, koma manja athu amakwanitsa mapaketi 12 okha patsiku, ndiye amene mukufuna okutakuta bweretsani dzina la mwana pofika Lachisanu 5 koloko. Mukachedwa makope muwapezabe, kungoti mukakutira nokha kunyumba."

Chiganizo chomalizacho ine ndinkafuna kuchichotsa, ndimati ukuwauziranji kuti akhoza kuchedwa. Iye anati chisiyeni, ndi chimene chikupangitsa munthu kuona kuti simukumukankha. Ndipo zoona, amene anabwera sanabwere ndi nkhope ya munthu wothamangitsidwa, amangoti tamva zoti Lachisanu ndiye malire a makava. Aliyense amene anakhalapo Lolemba usiku ndi sizasi ndi selotepi magetsi atazima, mwana akuodzera pambali, amadziwa kuti kumeneko ndi kutaya kwenikweni, kuposa madola awiri aja.

Wachiwiri unapita Lachinayi mmawa, waufupi kwambiri, kungonena kuti mapaketi atsala 23 ndipo malo okutira a lero adzadza, atsala a mawa okha. Wachitatu Loweruka anaulembera a ana ogonera kusukulu, poti iwo amanyamuka Lolemba ndi mabasi, ndiye tsiku lawo lenileni ndi Lamulungu osati Lachiwiri, ndipo tinalemba kuti titsegula tikaweruka kutchalitchi mpaka 4 koloko. Izi ine zaka zonsezi sindinaziganizeko, ndinkangolemba tsiku limodzi la aliyense. Mauthenga atatu pa masiku khumi, anandiletsa kuonjezera, ngakhale zala zimandiyabwa.

Anandiphunzitsanso kanthu kena, uthenga wa broadcast pa WhatsApp umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yako mufoni mwawo. Ine ndimadabwa chaka chatha kuti bwanji theka la anthu silikuyankha, kumangoti anthu ndi amwano, kani sunkawafika nkomwe. Tinaika kapepala pa kauntala kupempha anthu asunge nambala. Komanso status imafufutika pakatha maola 24, ndiye nambala ya mapaketi otsala amati ndiziika kumeneko tsiku lililonse madzulo.

Tsopano zimene sizinandisangalatse. Choyamba sanalembe za kalipiridwe, ndipo ku Harare kuno sungalembe mtengo osanena kuti ndi wa dola ya Amerika kapena ZiG ndalama ya Zimbabwe, ndalama ya pafoni ya EcoCash mukulandira kapena ayi. Tsiku loyamba foni inangokhalira kulira funso lomwelomweli, ndinayankha anthu oposa makumi awiri mmodzimmodzi uku makasitomala ali pa kauntala. Anakonza mu uthenga wachiwiri nditamuuza, osandilipiritsa, koma munthu wobadwira konkuno amayenera kuziganizira yekha. Chachiwiri Chichewa chake poyamba chinali cha mbuku kwambiri, analemba "zipangizo zophunzirira", ine ndinati ayi anthu anga amati makope ndi mabolopeni, lemba momwemo. Mawu a pabolodi nawo anali ambiri, munthu ali mu kombi sangawerenge mizere isanu ndi umodzi, ndinafufuta ndekha nkusiya mtengo ndi tsiku.

China cholakwa chinali changa. Lachisanu ndinatanganidwa osasintha nambala, status imanenabe kuti atsala 17 pomwe anali 6, bambo ena anachoka ku Kambuzuma Loweruka masana akudziwa kuti alipo ambiri nkupeza atha. Anakhumudwa ndithu, ndinawasonkhanitsira zinthu chimodzichimodzi pa mtengo womwewo wa 12 kuti nkhani ithe. Ukalemba nambala yeniyeni ndiye kuti wadzipatsa ntchito yowerenga sitoko madzulo alionse, mtsikanayu anandichenjeza koma mongodutsa, akanalimbikira pang'ono.

Mapaketi onse 60 anatha Loweruka lija, chaka chatha ndinatsala ndi ena mpaka Febuluwale. Sindinganene kuti ndi mauthenga okha chifukwa chaka chatha sindinkakutira ulere, koma palibe anandibloka ndipo amayi aja a kombi anagula mapaketi awiri. Pa nyenyezi zisanu ndikumupatsa zinayi, imodzi ndamudula chifukwa cha ZiG ija. Teremu yachitatu mu Seputembala ndimuitananso, a Giredi 7 ndi Fomu 4 amafuna mapensulo ndi maseti a mayeso, koma mawu a pabolodi ndidzalemba ndekha.